Bondo latupa ndipo likukana kuwongoka mutalipotokola pa mpira: mafunso ndi mayankho

Ndimagwira ntchito ya mafizo kuno ku Lusaka, ndipo Lolemba ndi tsiku la mawondo. Anyamata amene anasewera Loweruka ndi Lamlungu pa mabwalo a fumbi a ku Chawama, Matero, Kanyama ndi Mtendere amabwera akutsimphina, ena atagwiririra phewa la mnzawo. Abambo a mpira wa madala nawonso sasowa. Mafunso amene ali m'munsimu ndi amene ndimafunsidwa kawirikawiri. Ndayankha motalika pa nkhani ya bondo lokana kuwongoka, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amataya nthawi imene sibwereranso.

Kodi chimene chimang'ambika m'bondomo ndi chiyani, poti fupa silinathyoke?

Pakati pa fupa la ntchafu ndi fupa lalikulu la mwendo wam'munsi pali tinthu tiwiri tolimba koma tofewerapo, tooneka ngati mwezi ukangokhala kumene. Kuchipatala timati menisikasi. Kamodzi kali mbali ya mkati, yoyang'anana ndi bondo linalo, kena kali mbali ya kunja. Ngati munatafunapo chicherewecherewe cha kumapeto kwa fupa la nkhuku, mukudziwa kale mtundu wa chinthu chimene tikunena, ngakhale kuti menisikasi ndi yolimba kuposa pamenepo chifukwa ili ndi ulusi wambiri mkati.

Ntchito yake ili ngati ya nkhata pamutu pa munthu wosenza ndowa. Imamwaza kulemera kwa thupi kuti kusagwere pamalo amodzi, ndipo imathandiza kuti fupa lozungulira la ntchafu likhazikike bwino pamwamba pa fupa lafulati la m'munsi. Ikachotsedwa kapena ikawonongeka kwambiri, mafupa awiriwa amapanikizana pa kamalo kakang'ono, ndipo khungu losalala limene limakuta nsonga zawo limayamba kutha msanga.

Pa mpira imang'ambika motere: phazi lakhazikika pansi, mano a jombo aluma nthaka, bondo lapindika pang'ono, ndiye thupi lonse likutembenuka kutsatira mpira. Phazi latsala, ntchafu yazungulira, menisikasi yatsinidwa pakati. Nthawi zambiri sipakhala n'komwe wokugundani. Ya mbali ya mkati ndi imene imang'ambika kawirikawiri, chifukwa inamangirizidwa kwambiri ku mitsempha ya m'mbali ndipo siitha kuthawa msanga ikapanikizidwa.

Bondo langa silinatupe pabwalo, linatupa m'mawa mwake. Kodi zimenezi zikutanthauza kanthu?

Zikutanthauza zambiri, ndipo ndi funso loyamba limene dokotala adzakufunseni. Choncho kumbukirani bwino nthawi.

Bondo likatupa pang'onopang'ono, usiku wonse, n'kudzapezeka lodzaza m'mawa mwake, kawirikawiri amakhala madzi a m'bondo amene achuluka chifukwa mkati mwakwiya. Umu ndi mmene menisikasi imachitira nthawi zambiri. Munthu amatha kumaliza chigawo choyamba cha masewera, ena amamaliza mpira wonse, n'kupita kunyumba akuyenda okha.

Koma likafufuma ngati mpira pasanathe maola awiri, amenewo ndi magazi. Ngati munamvanso kuti thu! mkati, bondo n'kugwedera, ndipo simunathe kupitiriza masewera, choyamba kuganizira ndi kuduka kwa mtsempha wa pakati pa bondo umene pa mapepala a kuchipatala amalemba kuti ACL. Magazi angabwerenso chifukwa fupa lang'aluka kapena kafupa kozungulira ka kutsogolo kwa bondo kanachoka m'malo n'kubwereranso. Menisikasi nayonso ingatulutse magazi ikang'ambikira m'mphepete mwenimweni. Dziwaninso kuti ACL ndi menisikasi zimakonda kuvulala pamodzi, ndiye kupeza chimodzi sikutanthauza kuti chinacho chili bwino.

Kodi "kukiyika" kwa bondo ndi chiyani kwenikweni? Langa limauma m'mawa.

Kuuma ndi kukiyika n'zosiyana, ndipo kusiyana kwake ndi kumene kumalamula ngati mudikire kapena mufulumire.

Bondo lotupa ndi lopweteka limauma. Minofu ya kumbuyo kwa ntchafu imakungika kuti iliteteze, ndipo munthu amaopa kuliwongola. Koma mukamwa mankhwala ochepetsa ululu, n'kugona chagada mofatsa, limawongoka pang'onopang'ono mpaka kumbuyo kwake kukhudza mphasa. Limenelo silinakiyike.

Bondo lokiyika limapindika ndithu, koma limakana kuwongoka mpaka kumapeto. Limafika pena pake n'kuima, ndipo mukalikankhira pansi mumamva ngati pali kalabala kamene kakulibweza. Chimene chimachitika mkati n'chakuti menisikasi yang'ambika motsatira utali wake, mbali ziwiri za kumapeto zikadali zogwira, ndiye chidutswa cha pakati chagudubuzika n'kukagwera pakatikati pa bondo. Taganizirani chogwirira cha ndowa: chimagona m'mphepete mwa ndowa, koma mukachitukula chimaima pakati. Ndi chifukwa chake pa lipoti la sikani yojambula mkati mwa bondo mudzaona mawu akuti `bucket-handle tear`. Chidutswacho chili ngati mwala umene walowa pa mahinjesi a chitseko. Kachidutswa ka fupa kapena ka chicherewecherewe kothothoka, ngakhalenso chitsa cha ACL yoduka, zingatsekerezenso bondo mofananamo.

Mungadziyese nokha kunyumba. Khalani pansi pa simenti, miyendo yonse iwiri itatambasuka, ndipo yesani kukanikizira kumbuyo kwa mawondo onse pansi. Lowetsani dzanja pansi pa bondo lililonse. Ngati pansi pa labwinolo dzanja silikulowa koma pansi pa lovulalalo zala zitatu zosanjikizana zikulowa, ndipo zikukhala choncho ngakhale ululu utachepa, pitani kuchipatala mawa lomwe ndipo mukanene mawu awa momveka: bondo langa silikuwongoka.

Pali ena amene bondo lawo limakiyika kwa kanthawi, akaligwedeza limalira kuti kwe n'kumasuka. Limenelo si la changu cha tsiku lomwelo, koma likuuzani kuti muli chidutswa chimene chikuyendayenda, ndipo liyenera kuonedwa ndi dokotala wa mafupa.

Ndichite chiyani masiku awiri kapena atatu oyamba? Agogo akuti tilithowe ndi madzi otentha.

Agogo akufuna kukuthandizani, koma pa masiku oyambawa kutentha kumawonjezera kutupa. Chimene chikufunika ndi kuzizira. Kulungani ayezi m'kansalu konyowa, muike pa bondo mphindi 15 mpaka 20, ndipo mubwereze pakapita maola awiri kapena atatu. Musaike ayezi pakhungu mwachindunji. Magetsi akazima ndipo ayezi palibe, nsalu yoviika m'madzi ozizira ikuposa kusaika kanthu. Mangani bandeji yotamuka mosathinitsa, ndipo mukagona ikani mwendo wonse pa mapilo kuti ukwere kuposa chifuwa. Pilo asakhale pansi pa bondo penipeni, chifukwa bondo limazolowera kukhala lopindika.

Munthu wamkulu angamwe parasitamo wa mamiligalamu 500, mapilisi awiri pa maola asanu ndi limodzi alionse, osapitirira mapilisi asanu ndi atatu pa tsiku. Buluufeni amathandiza pa ululu ndi kutupa, koma amwedwe mutadya, ndipo si wa munthu amene ali ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso, kapena mayi woyembekezera.

Zinthu ziwiri ndikupemphani ndi mtima wonse. Musalole anzanu kukukokani mwendo kapena kuukhalira kuti auwongole mwamphamvu, monga zimachitikira m'mbali mwa bwalo. Ngati chidutswa chatsekereza, mphamvu imangoching'ambiratu. Chachiwiri, musateme mphini pa bondo lotupa. Thumba la madzi a m'bondo lili pafupi kwambiri ndi khungu, ndipo tizilombo tikalowa m'menemo bondo limatha kuwonongeka m'masiku ochepa.

Ndi zizindikiro ziti zimene siziyenera kugona n'komwe?

Bondo lofiira, lotentha, lopweteka kwambiri pamodzi ndi kutentha thupi. Phazi lozizira, lachita dzanzi, kapena limene mukulephera kulidzutsa m'mwamba. Mwendo wooneka wokhota, kapena kulephera kutukula mwendo wowongoka muli chigonere. Katumba wotupa, wolimba ndi wopweteka, makamaka ngati mwayambanso kubanika. Chilichonse mwa zimenezi ndi cha kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku.

Anandijambula ekisire ndipo anati zonse zili bwino. Nanga bwanji bondo silikuchira?

Ekisire imaonetsa mafupa. Menisikasi ndi mitsempha sizioneka pa chithunzi chimenecho, zimangosiya mpata wakuda pakati pa mafupa. Choncho mawu akuti ekisire ili bwino amatanthauza chinthu chimodzi chokha, chakuti fupa silinathyoke. Ambiri amamva ngati auzidwa kuti bondo lonse lili bwino, ndipo amapita kunyumba kukadikira.

Sikuti ekisire n'njopanda ntchito. Achipatala ali ndi malamulo owathandiza kudziwa woyenera kujambulidwa: munthu wa zaka 55 kupita m'tsogolo, wolephera kupinda bondo kufika pa madigiri 90, wolephera kuyenda mapazi anayi atangovulala ndiponso pofika kuchipatala, ndi amene akumva ululu akamudina pa kafupa ka kutsogolo kokha kapena pa mutu wa fupa laling'ono la mbali ya kunja. Ngati mulibe chilichonse mwa izi, sizachilendo kuti asakujambuleni.

Ndiye dokotala amadziwa bwanji kuti menisikasi yang'ambika?

Amayamba ndi nkhani yanu, ndipo nkhani yofotokozedwa bwino imamufikitsa kutali asanakugwireni. Munatembenukira mbali iti, munapitiriza kusewera kapena ayi, linatupa liti, limagwedera, limakiyika, limapweteka mukamanjuta kapena mukamatsika m'minibasi mutakhala nthawi yaitali mawondo atapanikizika ndi mpando wa kutsogolo.

Kenako amadina ndi chala motsatira mzere umene mafupa awiri amakumana. Ululu wa menisikasi umakhala pa mzere umenewu, kawirikawiri chakumbuyo pang'ono, ndipo wodwala amatha kuloza malowo ndi chala chimodzi. Pali kuyesa kotchedwa McMurray, kumene mumagona chagada, dokotala n'kupinda bondo lonse, n'kumaliwongola uku akupotoza phazi, kufuna kumva ngati china chake chikudumpha mopweteka pa mzerewo. Pali kwina kotchedwa Thessaly, kumene mumaima ndi mwendo umodzi bondo litapindika pang'ono, mutagwira manja a dokotala, n'kumatembenuza thupi uku ndi uku. Amayesanso ACL pokoka mwendo wam'munsi kubwera kutsogolo bondo litapindika pang'ono, kuti amve ngati ukuima molimba kapena ukungotereramo.

Palibe kuyesa kumodzi mwa izi kumene kumakwana pakokha, ndipo pa bondo lotupa kwambiri zonse zimavuta chifukwa paliponse pamapweteka. N'chifukwa chake angakuuzeni kuti mubwerenso pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Umenewo si ulesi, bola ngati bondo likuwongoka. Ngati silikuwongoka, kudikira kumeneko sikukukhudzani.

Chithunzi chimene chimaonetsa menisikasi ndi sikani ya MRI. Imapeza zong'ambika zambiri, pafupifupi zisanu ndi zinayi pa khumi zilizonse, ndipo imaonetsa malo ake, maonekedwe ake ndi mmene mitsempha ilili. N'njodula, ndiye sitimatumiza aliyense. Yoyenera kwambiri ndi ya bondo lokiyika, logwedera, lotupa magazi, kapena limene lapatsidwa mafizo kwa masabata angapo osasintha. Kwa abambo a mpira wa madala ndinene izi: anthu ambiri opitirira zaka 50 ali ndi menisikasi yong'ambika pa sikani koma samva ululu uliwonse. Chooneka pa chithunzi chiyenera kugwirizana ndi chimene mukumva, apo ayi mudzachitidwa opaleshoni ya chinthu chimene sichinali kukuvutani.

Njira ya m'zipatala za boma imayambira ku kiliniki kapena ku zipatala za m'makomboni monga za ku Chawama, Matero, Kanyama, Chilenje ndi Chipata, kenako amakulemberani kalata yopita kwa madokotala a mafupa ku UTH kapena ku Levy Mwanawasa. Onetsetsani kuti pa kalatayo palembedwa kuti bondo lakiyika. Ngati muli pa NHIMA, funsiranitu za sikani musanayambe kubwereka ndalama.

Kodi menisikasi ingapole yokha?

Zimadalira malo amene yang'ambika, ndipo chifukwa chake ndi magazi. Mitsempha ya magazi imalowa kuchokera m'mphepete mwa kunja n'kuthera pafupi, osafika ngakhale pa gawo limodzi mwa magawo atatu a m'lifupi mwake. Madokotala amatcha mbali imeneyi yofiira. Mbali ya mkati, yopyapyala, imatchedwa yoyera, ndipo imadya kuchokera ku madzi a m'bondo basi. Kung'ambika kwakung'ono kwa m'mbali yofiira kungapole kokha, ndipo kukasokedwa kumagwira bwino. Kwa m'mbali yoyera sikulumikizananso.

Koma kusalumikizana sikutanthauza kupweteka mpaka kalekale. Zong'ambika zambiri zazing'ono zimene sizikusuntha zimangokhala chete kutupa kukatha ndipo minofu ikalimba. Munthu amabwerera ku mpira chong'ambikacho chili momwemo, osamuvuta.

Mungatipatse chitsanzo cha mmene zimayendera kuyambira pa tsiku lovulala?

Mwana wa mlongo wanga, wa zaka 23, amasewera pakati. Anavulala Lamlungu lina mu Ogasiti, nthaka itauma gwa. Anaponda ndi phazi lamanja n'kutembenukira kumanzere, ndipo anamva kulasa mbali ya mkati. Anasewerabe mphindi ngati khumi n'kutuluka yekha. M'mawa mwake bondo linali litadzaza. Mayi ake analithowa masiku awiri. Lachinayi, akudzuka pamene ananjuta kuchimbudzi, anamva kuti kwe, ndipo kuyambira pamenepo ankayenda chonyang'ama, chidendene osafika pansi. Anapita pa kachipatala kena, anamujambula ekisire, n'kumuuza kuti fupa ndi labwino, akapume.

Anandiimbira foni pa tsiku lachisanu ndi chinayi. "Amalume, kutupa kwachepa ndithu, koma mwendo wafupika." Nditamva mawu amenewo ndinamuuza kuti asayende, ndikubwera. Mwendo sufupika m'sabata imodzi. Umaoneka waufupi chifukwa bondo silikuwongoka.

Ndinamukhazika pa simenti ya pakhonde. Pansi pa bondo lamanzere dzanja silinkalowa, pansi pa lamanja chibakera changa chinkatsala pang'ono kulowa. Linkaperewera madigiri ngati 20. Nditalikankha mofatsa linandibweza. Pa mzere wa mkati anadumpha nditangodina. ACL inali yolimba. Ndinayeza ntchafu zonse ndi tepi ya atelala ya mayi ake, ndipo yamanja inali itayamba kale kuchepa.

"Nanga si anati fupa lili bwino, amalume?" Ndinamuuza kuti ananena zoona, koma vuto silinali pa fupa. Sikani inaonetsa chogwirira cha ndowa chija, chong'ambikira pafupi ndi mphepete, m'mbali yofiira. Anachitidwa opaleshoni m'sabata yachitatu. Dokotala anabwezera chidutswacho m'malo mwake n'kuchisoka, osadula kanthu. Anayenda ndi ndodo ziwiri ndi chomangira bondo masabata asanu ndi limodzi, anayamba kupalasa njinga ya m'nyumba m'mwezi wachiwiri, kuthamanga pang'onopang'ono m'mwezi wachinayi, ndipo anabwerera pabwalo m'mwezi wachisanu ndi chimodzi. Chimene chimandiwawabe mumtima ndi masiku aja anakhala kunyumba akuganiza kuti akuchira. Palibe amene anamufunsa ngati bondo likuwongoka.

Chifukwa chiyani mukuti bondo lokiyika lisadikire, poti ululu umachepa wokha?

Chifukwa chidutswa chikakhala nthawi yaitali pamalo olakwika chimapindika, chimaphwanyika ndi kupondedwa tsiku ndi tsiku, ndipo chimayamba kukana kubwerera m'malo mwake. Chimene chikanasokedwa m'masabata oyamba chimadzangodulidwa pakapita miyezi, ndipo pa kung'ambika kwa mtundu umenewu chodulidwacho chimakhala gawo lalikulu la menisikasi yonse. Pa nthawi yomweyo chimakhala chikukanda khungu losalala la mafupa, minofu ya ntchafu ikufota, ndipo kumbuyo kwa bondo kukukungika moti ngakhale chotsekerezacho chitachoka, kuwongola kumadzafuna miyezi ya mafizo opweteka. Ululu ukachepa sindiye kuti chidutswa chabwerera. Yesani pa simenti paja.

Opaleshoni yake imakhala yotani? Kusoka ndi kudula, chabwino n'chiti?

Masiku ano sang'amba bondo lonse. Amaboola timabowo tiwiri kapena titatu, kalikonse pafupifupi sentimita imodzi, kutsogolo kwa bondo. Pa kamodzi amalowetsa kamera yopyapyala ngati pensulo, pa kena tizipangizo, ndipo bondo amalidzaza ndi madzi kuti aone bwino. Mungagonekedwe tulo kapena kubayidwa jakisoni wa pamsana wochititsa dzanzi miyendo. Ambiri amatuluka tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake.

Akalowa mkati, pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kudula kachidutswa kong'ambikako n'kusalaza m'mphepete, kusiya mbali yonse yabwino. Mumaponda msanga, ndodo mumazisiya m'masiku ochepa, ndipo mpira umatheka pakapita masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu ngati bondo silikutupa. Yachiwiri ndi kusoka. Imeneyi imafuna kupirira: ndodo ndi chomangira masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, osapinda bondo kupitirira madigiri 90 poyamba, osanjuta kwa miyezi itatu kapena inayi, ndipo mpira pakati pa miyezi inayi ndi isanu ndi umodzi. Nkhani ya kusanjuta ikonzekereni musanapite, makamaka ngati kunyumba chimbudzi ndi chokumba. Mpando wapulasitiki wobooledwa pakati umathandiza kwambiri. Komanso si zosokedwa zonse zimene zimagwira. Mwa anthu anayi kapena asanu, mmodzi amadzafunika kubwereranso.

Anyamata ambiri akamva zimenezi amati, duleni basi, ligi ikundidikira. Ine ndimawauza kuti ngati dokotala akuona kuti ingasokedwe, alole kusoka. Kale madokotala ankachotsa menisikasi yonse poganiza kuti n'njopanda ntchito, koma mu 1948 dokotala wa ku Britain dzina lake Fairbank anaonetsa pa zithunzi za ekisire kuti mawondo ochotsedwa menisikasi amasintha, mpata wa pakati pa mafupa n'kumachepa. Gawo lochotsedwa likakula, mwayi wa nyamakazi ya bondo umakulanso, ndipo zimafulumira kwambiri ikakhala menisikasi ya mbali ya kunja. Mnyamata wa zaka 20 ali ndi zaka zambiri zoti ayendere pa bondo limenelo. Chisankho chomaliza chimachitika kamera ili mkati, ndiye kambiranani ndi dokotala njira zonse ziwiri musanagonekedwe. Ngati ACL nayo yaduka, kawirikawiri amakonzera limodzi, chifukwa menisikasi yosokedwa m'bondo logwedera imang'ambikanso.

Mukatuluka m'chipatala, kutentha thupi, mafinya pa timabowo, kapena katumba wotupa ndi wopweteka zikubwezereni komweko tsiku lomwelo.

Ndili ndi zaka 48, ndimasewera mpira wa madala. Bondo limapweteka ndi kutupa koma likuwongoka. Ndikufunika opaleshoni?

Mwina ayi, bambo. Pa msinkhu umenewu menisikasi imakhala itayamba kale kufumbwa, ndipo kupotokola kwakung'ono kumangomaliza chimene chinayamba kalekale. Ku Finland mu 2013 anafalitsa kafukufuku wa anthu a zaka 35 mpaka 65 okhala ndi kung'ambika kotereku. Ena anadulidwa menisikasi, ena anangolowetsedwa kamera osadula kanthu, ndipo odwalawo sankadziwa gulu lawo. Patatha chaka, magulu awiriwo anali atachira mofanana. N'chifukwa chake timayamba ndi mafizo kwa miyezi itatu, pamodzi ndi kuchepetsa thupi ngati lakula. Opaleshoni timaiganizira bondo likakiyika, kapena likakana kusintha mutachita mafizo mokhulupirika.

Jakisoni wa m'bondo angachepetse ululu kwa masabata angapo koma salumikiza chong'ambika. Kukoka madzi ndi singano kumapeputsa bondo lodzaza kwambiri, ndipo sikuti kumachititsa madzi kuzolowera monga ena amanenera. Madziwo amabwerera chifukwa chimene chikukwiyitsa bondo chikadalimo.

Mafizo ake ndi otani, ngati bondo silinakiyike?

Choyamba ndi kudzutsa mnofu wa kutsogolo kwa ntchafu, chifukwa bondo likatupa mnofu umenewu umagona m'masiku ochepa. Khalani pansi mwendo utatambasuka, limbitsani ntchafu mpaka kumbuyo kwa bondo kukanikize pansi, gwirani masekondi asanu, masulani. Chitani kakhumi, katatu pa tsiku. Onjezani kutukula mwendo wowongoka mutagona chagada, ndi kukoka chidendene kubwera chakumatako mofatsa mpaka pamene ululu wayambira.

Kutupa kukachepa ndipo mukuyenda osatsimphina, yambani njinga chishalo chitakwezedwa, kukwera ndi kutsika pa sitepe imodzi, kukhala pa mpando ndi kudzuka osagwira, ndi kuima ndi mwendo umodzi. Kunjuta mpaka pansi ndi kutembenukira pa phazi lokhazikika zisiyeni kaye, poti ndi zimene zimatsina mbali ya kumbuyo ya menisikasi. Bondo lenilenilo ndi limene lidzakuuzeni ngati mwapitiriza muyeso: likatupa m'mawa mwake, dzulo munachita zambiri, bwererani pa zimene munkachita sabata yatha.

Ndidzadziwa bwanji kuti ndingabwerere pabwalo?

Musawerenge masiku okha. Bondo liziwongoka ndi kupindika mofanana ndi linalo, ndipo lisatupe mukathamanga dzulo lake. Kenako jambulani mzere pansi, dumphani ndi mwendo wabwino kupita kutsogolo n'kutera ndi womwewo, muike chizindikiro. Chitani chimodzimodzi ndi wovulalawo. Ngati wabwino wafika masentimita 150, wovulalawo ufike osachepera 135, ndipo mutere osagwedezeka, bondo osagwera mkati.

Mukapambana pamenepo, yambani kuthamanga mowongoka, kenako mozungulira ngati nambala 8, kenako kutembenuka mwadzidzidzi ndi mpira, kenako masabata awiri ochita zokonzekera ndi timu. Masewera oyamba lowani mphindi 20 zomaliza. Pa nthaka youma ya mu Ogasiti mpaka Okutobala valani nsapato za mano aafupi ndi ambiri, chifukwa zazitali zimaluma pansi n'kusiya phazi pamene thupi latembenuka. Ndipo m'mawa mwake, musanapite kuntchito, khalani pa simenti muyerekeze mawondo awiriwo.